Buku la phala ndi matumba 600 a feteleza: mmene ndinafotokozera luso langa nditasiya choko

Ndinagwira choko kwa zaka 11 pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dowa, ndipo lero ndimasunga makiyi a nyumba yosungiramo feteleza ndi mbewu ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Aphunzitsi anzanga akamva zimenezi, funso lawo loyamba limakhala lakuti kodi ndinali ndi m'bale pa kampaniyo, ndipo ndikawauza kuti ndinalibe amandiyang'ana mokayika. Sindiwaimba mlandu, chifukwa inenso ndinakhala nthawi yaitali ndikukhulupirira kuti munthu amene anaphunzira zauphunzitsi ku koleji, n'kukhala zaka zambiri akuphunzitsa ana kuchotsera ndi kuphatikiza, alibe chimene angakanene pamaso pa anthu ogulitsa feteleza. Chimene chinandilowetsa ntchitoyi ndi buku limodzi lachikuto cholimba limene ndinkalembamo matumba a ufa wa phala, buku limene poyamba sindinkaliwerengera n'komwe ngati mbali ya ntchito yanga.

Makalata anga oyamba ofunsira ntchito analipo 9, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inayankhidwa. Ndinkawalemba m'Chingerezi monga mmene aliyense amachitira, koma pano ndinena m'Chichewa zimene munali. Ndinkalemba kuti ndine munthu wakhama, wokhulupirika, wodziwa kulankhula ndi anthu, wotha kugwira ntchito ndi anzanga ndiponso wosunga nthawi. Pa sivi, chikalata chija chofotokoza maphunziro ndi ntchito zimene munthu wagwirapo, ndinkandandalika kuti ndinaphunzitsa masamu ndi Chichewa mu sitandade 6 ndi 7, ndinkakonza maphunziro a tsiku ndi tsiku, ndinkachonga mayeso, ndiponso ndinkayang'anira kwaya ya sukulu. Zonsezi zinali zoona, ndipo ndinkazinyadira.

Tsiku lina ndinapereka makalatawo kwa alamu anga, amene anagwirapo ntchito yosunga katundu kwa zaka zambiri asanapume. Anawerenga mwakachetechete, kenako anandifunsa kuti: "Alamu, mukanakhala inu mwini feteleza wa ndalama zankhaninkhani, mukanamupatsa makiyi munthu chifukwa chakuti walemba yekha kuti ndi wokhulupirika? Wakuba nayenso amalemba chimodzimodzi." Ndinayankha kuti palibe china chimene ndikanalemba, popeza ntchito imene ndinkaidziwa inali yauphunzitsi basi. Iwo anandifunsanso ngati pa sukulupo panali chinthu chilichonse chimene chinkabwera pa galimoto, n'kuwerengedwa, n'kutsekeredwa, n'kumatulutsidwa pang'onopang'ono, ndipo anafuna kudziwa amene ankasaina. Apo m'pamene ndinakumbukira phala.

Alamu anga anandithandiza kuona kuti wolemba ntchito akamawerenga kalata amakhala ali ndi mantha akeake, ndipo amafufuza munthu amene angamuchotsere manthawo. Mwini nyumba yosungiramo katundu amaopa zinthu zodziwika: kuti katundu wa m'buku asiyana ndi katundu amene ali pansi, kuti wina asainira matumba amene sanafike, kuti katundu wakale atsalira kumbuyo mpaka kuwonongeka pamene watsopano akutuluka, ndiponso kuti pakapezeka vuto wantchito abisa mpaka owerengera chuma adzalitulukire okha. Mawu akuti "wakhama" sakhudza ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Ndiponso munthu wotere alibe nthawi yokhala pansi n'kumaganizira kuti kuphunzitsa ana a sitandade 6 kungagwirizane bwanji ndi kusunga feteleza. Ntchito yolumikiza ziwirizi ndi ya wofunsira ntchitoyo, ndipo akapanda kuigwira, kalata yake imaikidwa pambali popanda chidani chilichonse.

Ndifotokoze tsono za phala, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani yonse. Sukulu yathu inali m'gulu la sukulu zolandira ufa wa phala wosakaniza chimanga ndi soya, umene ambiri amangoutcha likuni phala. Monga zilili m'sukulu zambiri chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anali ochuluka kwambiri, ndipo pa tsiku labwino ankafika pafupifupi 1,200. Mwana aliyense ankawerengeredwa magalamu 100 a ufa, kutanthauza makilogalamu 120 pa tsiku, ndipo popeza thumba lililonse linali la makilogalamu 25, tinkatulutsa matumba asanu m'mawa uliwonse. Pa teremu tinkalandira matumba pafupifupi 300. Ahedi anandipatsa udindo woyang'anira zimenezi chifukwa chakuti nyumba yanga inali pafupi ndi chipinda chosungiramo ufawo, ndipo ndinaugwira kwa zaka zisanu ndi chimodzi popanda malipiro apadera.

Galimoto ikabwera, ndinkaimirira pakhomo limodzi ndi wapampando wa komiti ya makolo, n'kumawerenga thumba lililonse likamatsika, kuona ngati silinang'ambike kapena kunyowa, kenako n'kusaina chikalata cha dalaivala. Matumbawo tinkawasanja pa matabwa kuti asakhudze pansi, motalikirana ndi khoma, ndipo otsala a teremu yapita tinkawaika kutsogolo kuti ayambe kutuluka ndi iwowo. M'mawa uliwonse amayi ophika, amene anali odzipereka ochokera m'midzi yozungulira, ankabwera kudzatenga ufa, ine n'kulemba m'buku tsiku, matumba otuluka ndi otsala. Kumapeto kwa mwezi ndinkalemba lipoti lopita kwa amene ankatipatsa ufawo, ndipo nthawi zina iwo ankabwera osanena n'kudzawerenga okha. Pamene ndinkafotokoza zimenezi, alamu anga anandidula mawu n'kunena kuti: "Mwangofotokoza ntchito imene ine ndinkalandirira malipiro kwa zaka 20, kungoti inu mukuitcha kuthandiza pa phala."

Anandifunsanso ngati buku linayamba lasemphanapo ndi matumba. Ndinachita manyazi kuvomera, poganiza kuti chimenecho n'chinthu choyenera kubisa, koma zinachitikadi kamodzi. Chapakati pa teremu ina buku linkanena kuti tatsala ndi matumba 152, koma nditawerenga pansi ndinapeza 146. Usiku umenewo sindinagone, chifukwa kumudzi nkhani ya ufa wa ana imathamanga kuposa moto wa m'tchire, ndipo dzina la mphunzitsi likadetsedwa pa nkhani yotere silichapikanso. M'mawa mwake ndinauza ahedi ndisanayambe kufufuza, kenako ndinatenga buku la ufa n'kuliika pambali pa kaundula wa amayi ophika, n'kumayerekeza tsiku ndi tsiku. Ndinapeza tsiku limodzi limene kaundula ankasonyeza kuti phala linaphikidwa koma buku langa linalibe kanthu, ndipo linali tsiku limene ndinapita ku msonkhano wa aphunzitsi a m'zoni yathu n'kusiyira mnzanga makiyi. Amenewo anali matumba asanu. Thumba lachisanu ndi chimodzi linanyowa ndi mvula yodontha padenga, ufa n'kuchita nkhungu, ndipo a komiti analitaya osalemba paliponse. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti thumba lisatuluke popanda anthu awiri kusaina, wopereka ndi wolandira, kuti thumba lowonongeka lizilembedwa pa mzere wakewake, ndiponso kuti Lachisanu lililonse tiziwerenga matumba ndi manja m'malo modikira kutha kwa mwezi. Kusemphana kotere sikunachitikenso kufikira pamene ndinachoka.

Alamu anga ananena kuti nkhani ya matumba asanu ndi limodziyi inali yamtengo kuposa makalata anga onse 9 pamodzi, ndipo patapita nthawi ndinamvetsa chifukwa chake. Aliyense amene anasungapo katundu amadziwa kuti buku ndi katundu zimasemphana tsiku lina, moti munthu wonena kuti kwa iye sizinachitikepo amakayikitsa. Chimene wolemba ntchito amafuna kumva ndi chimene munthuyo anachita m'mawa wa tsiku lotsatira.

Nditayambanso kulemba, ndinasintha kachitidwe. Ndinkatenga chidziwitso cha ntchito cha m'nyuzipepala, n'kudula mzere pansi pa zochita zilizonse zimene atchula, monga kulandira katundu, kusunga makadi a katundu, kuwerenga katundu mwezi ndi mwezi, kulemba malipoti ndi kuyang'anira onyamula. Pambali pa chilichonse ndinkalemba chimene ndinachitapo chofanana nacho, kuchuluka kwake, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso amene angachitire umboni. Pamene ndinalibe choti ndilembe ndinkasiya mpata, ndipo mipata imeneyo inandiuza zoyenera kuphunzira. Pa sivi, mzere umene kale unkati "kuthandiza pa ndondomeko ya phala" unasanduka wakuti ndinkalandira, kusunga ndi kutulutsa matumba pafupifupi 900 a ufa pa chaka kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndinkasunga buku la zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, ndinkawerenga katundu sabata iliyonse, ndiponso ndinkapereka lipoti la mwezi limene anthu akunja ankabwera kudzalitsimikiza. Ndinawonjezera kuti ndinayang'anirapo mayeso a MANEB a sitandade 8, kumene munthu amalandira maenivelopu omata, kuwatsegula pamaso pa olemba mayeso, kuwerenga mapepala pobweza ndi kusainira chilichonse, chifukwa imeneyonso ndi ntchito yosunga chinthu cha eni chimene sichiyenera kusowa kapena kutsegulidwa nthawi isanakwane.

Chimene chinandipweteka pa kulemba kumeneku chinali kufupikitsa uphunzitsi weniweniwo. Ana amene ndinawaphunzitsa kuwerenga, ena mwa iwo atafika sitandade 6 asakutha kulemba dzina lawo, anatenga mizere iwiri yokha, ndipo kwaya ndinaichotseratu. Ndinkaona ngati ndikunyoza zaka zanga zabwino kwambiri. Komabe sivi imalembedwa kuti iyankhe funso la munthu mmodzi amene ali ndi mulu wa makalata patebulo, ndipo chimene chili pamwamba pa tsamba loyamba n'chimene amachiona. Phala linakwera pamwamba, kalasi inatsika pansi.

Pali msampha umodzi umene ndinatsala pang'ono kugweramo, ndipo ndauona ukugwira anzanga. Munthu akazindikira kuti ntchito yake yakale ili ndi dzina lina m'ntchito yatsopano, amakopeka kudzipatsa udindo umene sanakhalepo nawo. Ndinalemba koyamba kuti ndinali "woyang'anira katundu" pa sukulu, koma alamu anga anafufuta. Anati udindo wanga unali mphunzitsi, ndipo wolemba ntchito akaimbira foni ahedi n'kufunsa za woyang'anira katundu, ahedi adzadabwa, ndiye kuti zoona zonse zimene ndalemba zidzagwera limodzi ndi bodza limodzilo. Dzina la udindo liyenera kukhala limene lili pa kalata yolembedwera ntchito. Zimene munthu angazifotokoze m'chilankhulo cha ntchito yatsopano ndi zochita zimene zili pansi pa dzinalo, ndipo ngakhale pamenepo mawu aliwonse ayenera kukhala oti akafunsidwa kuti "tafotokozani mmene munkachitira" asachite chibwibwi.

Mpata waukulu pa pepala langa unali kompyuta, chifukwa chidziwitso chilichonse cha ntchito chinkatchula Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kuwerengetsera manambala, pamene ine ndinkangodziwa kulemba kalata. Ndinabwereka laputopu kwa mwana wa achemwali anga pa tchuthi, ndipo m'malo mophunzira zinthu zambirimbiri ndinangotenga buku la phala la teremu imodzi n'kulisamutsira mu Excel. Ndinaika tsiku mu danga A, nambala ya chikalata mu B, zolowa mu C, zotuluka mu D ndi zotsala mu E, ndipo pa mzere uliwonse zotsala zinkadziwerengera zokha motere:

```
=E2+C3-D3
```

Awa ndi masamu amene ndinkaphunzitsa ana: zimene zinalipo, kuphatikiza zimene zabwera, kuchotsera zimene zapita. Khadi limene osunga katundu amalipachika pa mulu uliwonse, limene amalitcha bini kadi, limayenda pa masamu omwewa. Ndinasindikiza masamba awiri a ntchitoyi n'kuwaika mu envelopu ya masatifiketi anga. Pa sivi sindinalembe kuti ndine katswiri wa kompyuta, ndinangolemba kuti ndimatha kusunga kaundula wa zolowa ndi zotuluka mu Excel, chifukwa pamenepo m'pamene nzeru zanga zinkalekezera.

Mwa makalata anayi amene ndinatumiza nditasintha, awiri anandiitanitsa ku intavyu. Koyamba sindinapambane, popeza ankafuna munthu wa satifiketi ya za kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu, ndipo palibe kafotokozedwe kamene kangalowe m'malo mwa pepala ngati eni ake atsimikiza kuti akufuna pepalalo. Ndikutchula zimenezi chifukwa ndikuona kuti ena amalimbikitsa anthu mopitirira, ngati kuti luso lochokera kwina lingatsegule khomo lililonse. Pali ntchito zimene lamulo kapena bungwe la akatswiri limafuna maphunziro akeake, monga unamwino kapena kuwerengera chuma, ndipo kumeneko njira ndi kubwerera m'kalasi. Ntchito imene ine ndinkafuna inali ya kalaliki wa katundu, yoyambira pansi, imene ambiri amailowa ndi MSCE ndi umboni wakuti anagwirapo zofanana nazo.

Ku intavyu yachiwiri kunali anthu atatu, ndipo bambo wachikulire amene anakhala pakati anayamba ndi funso limene ndinkaliyembekezera: "Aphunzitsi, mwatopa nawo ana?" Funso limeneli lili ndi mbuna mkati. Ndikanayamba kudandaula za malipiro, nyumba zodontha ndi makalasi a ana oposa 100, zonse zikanakhala zoona, koma iwo akanamva kuti ndikuthawa, ndipo munthu wothawa amangobisala pamalo kwa kanthawi mpaka atapeza pena. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ndinayankha kuti ana sindinatope nawo, koma kuti m'zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinapatsidwa ntchito yachiwiri yosunga katundu wa sukulu, ndipo ndinapeza kuti ndimaigwira bwino ndiponso ndimaikonda, moti ndikufuna kuti ikhale ntchito yanga yeniyeni. Kenako ndinapempha kuti ndifotokoze mmene ntchitoyo inkayendera, ndipo ndinafotokoza za matumba 300 pa teremu, za buku, ndi za matumba asanu ndi limodzi aja, osabisa kuti vuto linayamba chifukwa ndinasiya makiyi popanda kusiya malangizo.

Mayi amene anakhala kumanzere, amene pambuyo pake anadzakhala bwana wanga, anandipatsa chitsanzo. Anati lole yafika madzulo ndi feteleza, chikalata cha dalaivala chikunena matumba 600 a makilogalamu 50, amene ndi matani 30, koma onyamula atatsitsa ndawerenga 596. Dalaivala akufulumira, akuti anachoka nawo ali okwana ndipo mwina ndalakwitsa kuwerenga, ndiye ndingosaina kuti zinazo tidzakambirana mawa. Ndinayankha kuti choyamba ndikhoza kulakwitsadi, choncho tiwerengenso limodzi ndi dalaivalayo, ndipo kuwerenga kumaphweka ngati matumba asanjidwa m'mizere yofanana kuti tingochulukitsa. Tikapezabe 596, ndilemba 596 pa chikalata chake ndi pa chikalata chathu cholandirira katundu, ndilemba kuti aperewera anayi, dalaivala asaina pambali pa dzina langa, ndipo ndiimbira foni bwana lole isanatuluke pa geti. Ndinawonjezera kuti ndinakumanapo ndi zotere pa ufa wa phala, pamene thumba lina linafika long'ambika ndi lopepuka, ndipo ndinalilemba padera ngakhale dalaivala anakwiya, chifukwa siginecha ikangogwa pa nambala yolakwika, ngongoleyo imachoka kwa wonyamula n'kukhala ya wosaina. Mayiwo sananene kanthu, anangolemba.

Funso lotsatira ndinalephera, ndipo ndikukhulupirira kuti mmene ndinalepherera zinandithandiza. Anandifunsa kuti feteleza wa yureya amasungidwa bwanji mosiyana ndi katundu wina, ndiponso ngati ndingaike mbewu ya chimanga pafupi naye. Ndikanatha kupeka yankho, koma pamaso pa anthu amene akhala ndi feteleza moyo wawo wonse, kupeka kukanaonekera m'chiganizo choyamba. Ndinati za ufa ndikudziwa kuti umaopa chinyezi, pansi ndi khoma, ndipo ndikuganiza kuti feteleza nayenso amaopa chinyezi, koma za kasungidwe kake kenikeni ndi za mbewu sindinaphunzirepo, ndipo ndingafune kuti wina andionetse m'sabata yoyamba. Bambo wachikulire uja anaseka pang'ono n'kunena kuti safunsa anadya phula. Ndinadzaphunzira pambuyo pake kuti yureya amakoka chinyezi cha mumpweya n'kuundana ngati mwala thumba likakhala lobooka kapena likagona pansi, kuti milu ikatalika kwambiri matumba apansi amafinyika n'kulimba, ndiponso kuti mbewu imasungidwa payokha, pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi feteleza ndi mankhwala, ndipo imalembedwa potsata gulu limene inabwerera kuti yakale isasakanikirane ndi yatsopano. Zimenezi munthu amaziphunzira m'masiku ochepa. Kukana kusainira matumba 600 pamene afika 596, dalaivala akukalipa ndipo dzuwa likulowa, n'kumene sikuphunzitsika m'masiku ochepa, ndipo ndikuganiza kuti pamenepo m'pamene ankandiyeza.

Ndisanachoke ndinawapatsa masamba awiri a Excel aja, ndipo mnyamata wachitatu, wa ku ofesi ya zachuma, anawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira satifiketi yanga yauphunzitsi.

Chinthu china chimene ambiri amachiiwala ndi mboni zimene amalemba kumapeto kwa sivi. Ahedi anga ankandikonda, ndipo akanafunsidwa mwadzidzidzi akananena kuti ndine mphunzitsi wabwino, woleza mtima ndi ana ndiponso wokonda mapemphero, zimene sizikanathandiza wogulitsa feteleza. Ndinapita kukawaona ndisanatumize kalata, ndinawauza poyera kuti ndikufuna kusintha ntchito ndi mtundu wa ntchito imene ndikufunsira, ndipo ndinawapempha kuti akaimbiridwa foni akumbukire kutchula za ufa ndi za mayeso. Sindinawapemphe kunena chimene sanachione. Anadandaula kuti ndikuwasiyira sitandade 7 pakati pa chaka, koma anachita monga ndinawapempha, ndipo bwana wanga anadzandiuza kuti ahedi anafotokoza nkhani ya matumba asanu ndi limodzi mofanana ndendende ndi mmene ndinaifotokozera ine.

Nditayamba ntchito ndinaona kuti zina zimene ndinkaganiza kuti ndabwera nazo sizinagwire. Pa sivi ndinalemba kuti ndimatha kuyang'anira anthu ambiri, poganizira kalasi ya ana 100, koma onyamula matumba ndi azibambo a mabanja awo, olipidwa potsata matumba amene anyamula, ndipo amafuna lole ithe msanga kuti ayambe ina. Sabata yoyamba ndinawalankhula ndi mawu a m'kalasi, okweza ndi olamula, ndipo kapitawo wawo anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti: "Madamu, kuno kulibe ana asukulu." Ananena zoona, ndipo ndinapepesa. Chimene chinandithandiza ndi zimene ndinaphunzira kwa amayi ophika phala, anthu akuluakulu odzipereka amene sindikanatha kuwalamula, amene ndinkayenera kugwirizana nawo ndi kuwafotokozera chifukwa cha lamulo lililonse. Ndikanadziwa, pa sivi ndikanatchula amayiwo m'malo mwa kalasi. Liwiro nalonso linandidabwitsa, popeza pa sukulu galimoto inkabwera kamodzi pa teremu, pamene kuno nyengo ya dzinja ikamayandikira malole amandandalikana pa geti kuyambira m'mawa, ndipo kulakwitsa kumodzi pa khadi kumabereka kulakwitsa kwina dzuwa lisanalowe. Ndinayambanso ngati wamng'ono kwa anyamata amene ndikanatha kuwaphunzitsa sitandade 6, pa malipiro osasiyana kwenikweni ndi akale, ndiponso ndinasiya ntchito ya boma yokhala ndi penshoni yodziwika n'kulowa miyezi yoyesedwa. Amene akuganiza zochita ngati ine awerengere zimenezi asanalembe kalata yosiya ntchito.

Koma kunapezekanso luso limene sindinalitchule paliponse chifukwa sindinkadziwa kuti n'lofunika. Akalemba akalaliki atsopano a nyengo ya feteleza, amawatumiza kwa ine kuti ndiwaphunzitse kudzaza makadi, chifukwa ndimadziwa kugawa chinthu m'magawo ang'onoang'ono, kupereka chitsanzo, kumusiya munthu kuti ayese yekha, ndi kuzindikira pankhope kuti wavomera asanamve. Uphunzitsi umene ndinaufinyira m'mizere iwiri unadzatulukira pamenepo.

Mwezi wathawu mphunzitsi wina amene tinali naye ku koleji ananditumizira sivi yake kuti ndimuonere, akufuna ntchito ya kalaliki pa bungwe lina lobwereketsa ndalama. Inayamba ndi mawu omwe aja, wakhama, wokhulupirika, wodziwa kulankhula ndi anthu. Ndinamuimbira foni n'kumufunsa ngati pa sukulu pake kapena kumudzi anagwirapo ndalama za anthu ena, ndipo anayankha kuti ayi, kupatula kuti wakhala msungichuma wa banki mkhonde ya aphunzitsi ndi amayi a pamsika kwa zaka zinayi, gulu la anthu 25, ndipo ndi iye amene amalemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, kutsatira ochedwa kubweza, ndi kuwerengera gawo la aliyense pogawana mu Disembala. Ananena zimenezi mopepuka, ngati mmene ine ndinkanenera za phala. Ndamuuza kuti Loweruka likubwerali abwere kunyumba ndi mabuku onse anayi a gululo, tidzayambire pa chaka chimene ndalama zinavuta kukwana.